Funso la ng'ombe ziwiri: ina pH 5.6, ina pH 6.5

Tadala: Anzanga, amene munalembapo mayeso a za nyama ndithandizeni. Ndapeza funso ili pa pepala lakale, malikisi 20. Ng'ombe ziwiri zamphongo, za msinkhu umodzi, zaphedwa tsiku limodzi. Yoyamba inafika bwinobwino, inagona m'khola la kophera, madzi inamwa. Yachiwiri inachezera pa lole usiku wonse osadya, ili pamodzi ndi nkhunzi zachilendo zomwe inkalimbana nazo, ndipo inaphedwa itangotsika. Patatha maola 24, mnofu wa pamsana wa yoyamba uli ndi pH 5.6, wa yachiwiri 6.5. Gawo (a), fotokozani rigo motisi mwa zonse ziwiri. Gawo (b), nyama idzaoneka mtundu wanji ikadulidwa n'kusiyidwa pa mpweya. Gawo (c), zonse zatsekeredwa mu pulasitiki yochotsa mpweya kwa masiku 14 pa 2°C, chichitike n'chiyani? Gawo (b) ndiye landizunguza mutu.

Yamikani: Gawo (a) n'laulere limenelo asisi. Ng'ombe ikafa, gilaikojeni, shuga wosungidwa m'minofu uja, amasanduka lakitiki asidi, pH imatsika, asidiyo amaumitsa nyama. Yachiwiriyo inatha gilaikojeni pa lole, asidi ndi wochepa, ndiye ichedwa kuuma. Pitani ku (b).

Aphiri a ku Likuni: Dikirani pang'ono achimwene. Za gilaikojeni mwalondola, koma pomalizapo mwatembenuza. Yachiwiriyo ndi imene iyambe kuuma. Asidi si amene amaumitsa mnofu. Chimene chimaumitsa ndi kutha kwa ATP, yemwe amapereka mphamvu ku mnofu.

Yamikani: Nanga bwanji m'manotsi zimalembedwa pamodzi, pH kutsika, nyama kuuma?

Aphiri a ku Likuni: Chifukwa mwa ng'ombe yabwinobwino zimayendera limodzi, ndiye munthu amaganiza kuti china chikuyambitsa chinzake. Tiyeni tiyambe pa mpeni. Magazi akangotuluka, okosijeni wasiya kufika m'minofu. Koma mnofu sunafe nthawi yomweyo, ukufunabe ATP. Poyamba umamupeza kuchokera ku kiriyatini fosifeti, yemwe sachedwa kutha. Kenako umaswa gilaikojeni popanda okosijeni, ndipo chotsalira chake ndi lakitiki asidi. Ng'ombe ikanakhala yamoyo, magazi akanamunyamula asidiyo kupita naye ku chiwindi. Pano magazi kulibe, ndiye amangounjikana, pH n'kumatsika kuchoka cha pa 7.0.

Tsono mkati mwa mnofu muli timaulusi tiwiri, akitini ndi mayosini. Mutu wa mayosini ukagwira akitini, kuti utayenso umafuna ATP. Palinso ntchito ina ya ATP, yopopera kashiamu kubwerera kumene amasungidwa, poti kashiamu akamwazika ndi amene amatsegulira mayosini njira yogwirira akitini. ATP akatha, mitu ija yagwira ndipo palibe choimasula. Mnofu sungatambasukenso. Imeneyo ndiye rigo motisi.

Ng'ombe yoyamba ili ndi gilaikojeni wambiri, ndiye ipitiriza kupanga ATP kwa maola angapo. Kuuma kumayamba patatha maola 6 mpaka 12, kumalizika cha m'maola 24. Yachiwiri ilibe popezera ATP, ndiye iuma msanga, pH ikadali pamwamba.

Nachisale: Bambo Phiri, pamenepa ndifunse. Yoyambayo n'chifukwa chiyani pH yaima pa 5.6? Ndiye kuti nayonso gilaikojeni wake watha?

Aphiri a ku Likuni: Osati kwenikweni, mayi. Mwa ng'ombe yodya bwino gilaikojeni amatha kutsalako ndithu. Chimene chimachitika n'chakuti pH ikafika cha pa 5.4 mpaka 5.6, maenzaimu oswa gilaikojeni amalephera kugwira ntchito mu asidi wotero. Ndiye ng'ombe ziwirizi pH yaima pa zifukwa zosiyana. Yoyamba, maenzaimu aima. Yachiwiri, choti aswe chatha. Mukalemba chiganizo chimenecho wochonga adziwa kuti simunaloweze pamtima chabe.

Nachisale: Ndiye yachiwiri ija akanaigoneka usiku umodzi zikanakonzeka?

Aphiri a ku Likuni: Zikanathandizako, koma osadalira. Ng'ombe imachedwa kubwezeretsa gilaikojeni wa m'minofu, zimatenga masiku, ikudya. Ndipo mukaigoneka m'khola limodzi ndi nkhunzi zomwe zija zikukwerana usiku wonse, mwangowonjezera vuto.

Chikondi: Ndangolowa kumene, ndawerenga mothamanga. Ine ndikuona kuti yachiwiriyo ikhala yotuwa, yofewa, yochucha madzi. Nyama ikapanikizika isanaphedwe ndi PSE basi.

Tadala: Chikondi taonanso manambalawo. 6.5 patatha maola 24.

Chikondi: Koma funso likuti inavutika. PSE imabwera ndi kuvutika.

Nachisale: Kuvutika kuli pawiri mchimwene. Kwa PSE n'kwa mphindi zochepa nyama isanaphedwe, makamaka nkhumba, gilaikojeni akadali wodzaza. Amasweka mothamanga, pH n'kutsika kupyola 6.0 m'mphindi 45 zokha, nyama ikadali yotentha. Asidi ndi kutentha pamodzi zimawononga mapuloteni, madzi n'kutuluka. Yathuyi yavutika usiku wonse mpaka gilaikojeni kutha. Imeneyi ndi DFD, yakuda, yolimba pogwira, youma pamwamba. pH ikaposa 6.0 patatha maola 24 ndiye yomweyo.

Chikondi: Chabwino, DFD. Ndiye gawo (b) ndi losavuta, yada chifukwa magazi sanatuluke bwino.

Aphiri a ku Likuni: Mawu amenewo mudzawamva pa butchala iliyonse, kuyambira ku Kawale mpaka ku Chinsapo, koma pa pepala asalembedwe. Nyama yokhetsedwa magazi bwino, kufiira kwake kwambiri kumachokera ku mayogulobini, puloteni ya mkati mwa mnofu momwemo, yosunga okosijeni. Ngakhale timadzi tofiira totsalira m'mbale si magazi, ndi madzi a mnofu okhala ndi mayogulobini. Ng'ombe ziwiri za m'funsoli n'za msinkhu umodzi, ndiye tiziyese kuti mayogulobini ali nawo wofanana. Kusiyana kwagona pa mmene mayogulobiniyo alili, osati kuchuluka kwake.

Yamikani: Apa ndiye ndayankha kale m'kope langa. Mitundu ndi itatu. Wopanda okosijeni ndi wa pepo, wokhala ndi okosijeni ndi wofiira kwambiri, metimayogulobini ndi wa bulauni. Yachiwiri yada, ndiye ili ndi metimayogulobini wambiri.

Tadala: Pamenepo ndi pomwe ndinaima ine. Kuda ndi bulauni ndi chimodzi kapena ayi?

Aphiri a ku Likuni: Si chimodzi, ndipo msampha wa funso lonseli uli pamenepa. Mitundu itatuyo achimwene Yamikani aitchula bwino. Tiike ayironi pa uliwonse. Mnofu wongodulidwa kumene uli ndi diyokisimayogulobini, ayironi wake ndi Fe2+, sanagwire kanthu, mtundu wake pepo woderako. Mukausiya pa mpweya mphindi ngati 30, okosijeni amakakamira pa ayironi uja, n'kukhala okisimayogulobini, wofiira mowala. Ayironi akadali Fe2+. Sanasinthe, wangonyamula okosijeni. Bulauni amabwera pamene ayironi mwiniwakeyo wataya elekitironi n'kukhala Fe3+. Apo sangagwirenso okosijeni, pamalopo pamakhala madzi. Ameneyo ndiye metimayogulobini. Ambiri amataya malikisi polemba kuti nyama ikafiira pa mpweya ayironi wakwera kukhala Fe3+.

Tibwerere ku ng'ombe yachiwiri. Pali zinthu ziwiri. Choyamba, pH ikakhala pamwamba, mamaitokondiriya, tizigawo ta m'maselo a mnofu togwiritsa ntchito okosijeni popanga mphamvu, amakhala akugwirabe ntchito mwamphamvu, ndipo amadya okosijeni amene akulowa pamwamba pa nyama asanafike kwa mayogulobini. Gawo lofiira limakhala lopyapyala kwambiri, diso limaona pepo wapansi uja. Chachiwiri ndi madzi. Mapuloteni a nyama amagwira madzi pang'ono kwambiri pH ikakhala cha pa 5.2. Pa 5.6 ali pafupi napo, ndiye timaulusi timanyala pang'ono, pakati pake pamakhala mipata ya madzi, kuwala kukagunda kumabwerera kochuluka, nyama n'kuoneka yowala. Pa 6.5 timaulusi tatupa ndi madzi, tathithikana, kuwala kumalowa mkati osabwerera kwambiri, okosijeninso amavutika kulowa. Ndiye yada, ndipo mukaigwira imamata m'zala m'malo monyowetsa.

Yankho la (b): yoyamba ichoka pa pepo n'kufiira mowala, yachiwiri ikhalabe yofiira moderako ngati pepo ngakhale muidikire ola lathunthu. Metimayogulobini sakulowapo. Kunena zoona pH yokwera imachedwetsa ayironi kusanduka Fe3+.

Tadala: Eya, tsopano zalowa. Koma bulauniyo amayamba liti mwa yoyamba ija?

Aphiri a ku Likuni: Kayeseni nokha. Tengani nthuli yokhuthala ya ng'ombe yomwe yakhala mufiliji tsiku limodzi kapena awiri yosaphimba kwambiri, muidule pakati n'kuyang'ana m'mbali mwake nthawi yomweyo. Pamwamba muona kagawo kofiira ka mamilimita ochepa. Pansi penipeni muona pepo. Pakati pa ziwirizi pali kamzere kopyapyala ka bulauni. Ayironi amasanduka Fe3+ mofulumira kwambiri pamene okosijeni alipo koma wochepa, osati pamene ali wambiri kapena kulibiretu. Masiku akamapita kamzere kaja kamakula kukwera m'mwamba mpaka kuonekera kunja. N'chifukwa chakenso masiteki awiri mukawasanjikiza, pomwe anagundana pamasanduka bulauni pamene m'mbali muli mofiira.

Nachisale: Ndipo bulauni sikuti nyama yawola. Muwonjezere zimenezo, amakonda kufunsa ngati kafunso ka malikisi 2.

Madalitso wa ku Mitundu: Pepani akuluakulu, ine sindili m'kalasi mwanu chaka chino koma nkhaniyi yandikhudza. Kwathu timapha mbuzi. Ya kanyenya timaipha m'mawa, pofika 9 koloko ili pa moto, anthu sadandaula. Koma mwezi watha amalume anagula filiji ya bokosi ija youmitsa. Tinapha kambuzi kakang'ono, tinakaduladula kakadali kofunda n'kuponya momwemo kuti kasaonongeke. Titakasungunula madzi anadzaza beseni, ndipo nyama yake pophika inali ngati lamba wa chigayo. Mbuzi yaing'ono, osati nkhalamba. Kodi imeneyi inalinso DFD?

Yamikani: Madzi odzaza beseni sangakhale DFD amwene. DFD imagwira madzi.

Aphiri a ku Likuni: Apo Yamikani walasa. Madalitso, vuto lanu silinachokere kwa mbuzi, linachokera ku nthawi imene munaiika mozizira. Mnofu umene sunalowe mu rigo ukadali ndi ATP, ndiye ukhoza kukokana. Ukazizira kupyola 10°C pH ikadali pamwamba pa 6.0, mosungira kashiamu muja mumalephera kumugwira, kashiamu amamwazika, mnofu umakokana mwamphamvu, kenako rigo imaupeza uli wofupika n'kuukhoma momwemo. Mbuzi ndi nkhosa zimagwa msanga m'vutoli chifukwa thupi ndi laling'ono, mafuta ophimba ndi ochepa, zimazizira mofulumira. Inu munachita kuiduladula, kuchotsa mafupa amene akanaigwira kuti isafupike kwambiri. Ndipo ngati inachita kuundana isanalowe mu rigo, ndiye zoipa kuposa apo. ATP amakhala ataundana momwemo, posungunula kashiamu amatuluka nthawi imodzi, mnofu umafupika koopsa n'kufinya madzi. Beseni lanu lija ndi limenelo.

Lamulo limene amaphunzitsa ndi la 10 ndi 10: nyama isazizire kupyola 10°C maola 10 asanakwane chiphedwere. Mnofu umafupika pang'ono kwambiri ukalowa mu rigo pakati pa 15°C ndi 20°C. Kophera kwakukulu ena amadutsitsa magetsi m'nyama ikangophedwa kuti ATP athe msanga, kenako n'kuziziritsa mosaopa.

Madalitso wa ku Mitundu: Tsono mu Okotobala, kutentha kuja, ndiisiye panja maola 10? Ntchentche ndi fungo?

Aphiri a ku Likuni: Ayi, sindikunena zimenezo. Nyengo yotentha kuisiya panja n'kusewera ndi matenda. Njira yabwino ndi kuipachika yathunthu m'chipinda chozizira, osati choumitsa, n'kuidula mawa lake. Ngati muli ndi bokosi loumitsa lokhalo, ine yankho loyera ndilibe. Pakati pa nyama yolimba ndi nyama yodwalitsa anthu, sankhani yolimba.

Chikondi: Nanga ya kanyenya ija bwanji sikulimba, poti nayonso sinagonekedwe?

Nachisale: Mwina poti yapsa isanaume? Kapena poti ndi tizidutswa tating'ono. Ineyo ya kanyenya ina ndimaitafuna mpaka nsagwada kuwawa, ndiye sindingavomereze kuti nthawi zonse imafewa.

Tadala: Tibwerere ku (c) chonde, data yanga ikutha. Ine ndinalemba kuti pogoneka nyama masiku 14, akitini ndi mayosini zimamasukana, rigo imatha, nyama imafewa.

Aphiri a ku Likuni: Kufewa n'zoona, koma chifukwa chake mwaphonya. Chomasula mayosini ndi ATP, ndipo ATP sabweranso. Ziwirizo zimakhalabe zogwirana. Chimene chimaduka ndi mapuloteni ena amene amamanga timaulusi tija kuti tikhale pamalo pake, monga taitini, nebulini ndi desimini. Odula ake ndi maenzaimu a m'mnofu momwemo, makamaka makalipeni, amene amadzutsidwa ndi kashiamu. Zomangira zija zikaduka, ulusi wa mnofu umathyoka mosavuta pa dzino. Si mabakiteriya amene amafewetsa, n'chifukwa chake timagoneka pakati pa 0°C ndi 4°C. Kufewa kwambiri kumachitika m'masiku 7 mpaka 10 oyamba, kenako kumapita pang'onopang'ono.

Mulembenso malire ake. Kolajeni, mitsempha yoyera ija, sasintha kwenikweni pogoneka, ndiye ng'ombe yokalamba yokoka ngolo sidzasanduka thole chifukwa cha masiku 14. Nyama yofupika ndi kuzizira ngati ya Madalitso nayonso kugoneka sikuikonza mokwanira. Ndipo ng'ombe za linunda ngati zathu za Zebu zili ndi kalipasitatini wochuluka, yemwe amatchinga makalipeni, ndiye zimafewa mochedwerapo poyerekeza ndi ng'ombe za ku Ulaya.

Yamikani: Mtundu wake mu pulasitikimo ndi pepo, poti mulibe okosijeni. Mukatsegula imafiiranso. Pamenepo musanditsutse.

Aphiri a ku Likuni: Sindikutsutsani, kwa yoyambayo. Ndingowonjezera kuti tsiku loyamba ikhoza kuoneka bulauni pamwamba chifukwa cha okosijeni wochepa wotsalira m'pulasitiki. Mnofu ukamudya okosijeniyo, maenzaimu ake pogwiritsa ntchito NADH amabwezera Fe3+ kukhala Fe2+, n'kukhala pepo. Ikatsegulidwa patatha masiku 14 imafiira bwino kuposa yatsopano, poti mamaitokondiriya afooka, sakulimbirananso okosijeni. Koma mphamvu yobwezera ayironi ija yachepanso, ndiye pa shelefu imasanduka bulauni msanga.

Tadala: Yachiwiriyo?

Nachisale: Imeneyo ndiyankhe ine, bambo Phiri andikonze. Masiku 14 ikhoza osafika ili bwino. pH 6.5 mabakiteriya amaikonda. Komanso m'mnofumo mulibe shuga wotsala, ndiye m'malo moyamba kudya shuga amayamba nthawi yomweyo kuswa maamino asidi, fungo limabwera msanga. Mu pulasitiki yopanda mpweya mabakiteriya ena amatulutsa mpweya wonunkha wa H2S, womwe ukakumana ndi mayogulobini nyama imabiriwira. N'chifukwa chake nyama yoposa pH 6.0 saiika m'gulu logoneka nthawi yaitali, amaigulitsa msanga kapena kupangira soseji, komwe kugwira madzi kuja kumathandiza.

Aphiri a ku Likuni: Palibe chokonza, mayi.

Chikondi: Koma ikhala yolimba kutafuna eti? Dzina lake lomwe likunena kulimba.

Aphiri a ku Likuni: Kulimba kumeneko n'kwa yaiwisi mukaidina ndi chala. Yophika ya pH 6.5 nthawi zambiri imakhala yofewa, poti makalipeni amagwira bwino ntchito pH ikayandikira 7, madzinso sataya ambiri. Yovuta kwambiri ndi ya pakatikati, cha pa 5.8 mpaka 6.2. Imeneyo ndi imene imakonda kulimba.

Yamikani: Apa pokha akulu ndikukayika. Manotsi amene ndili nawo angoti DFD ndi nyama yotsika, basi. Ndikalemba kuti ndi yofewa, wochonga akhoza kuona ngati ndasokoneza ndi PSE.

Nachisale: Kutsika kwake kuli pa mtundu, kakomedwe ndi kusachedwa kuwola. Sizikutanthauza kuti chilichonse pa iyo n'choipa.

Yamikani: Ndamva, koma malikisi ndi anga. Ine ndilemba za mtundu ndi kuwola, za kufewazo ndizisiya.

Aphiri a ku Likuni: Funso lapereka 6.5, silinangoti DFD. Wolemba funso akaika nambala amafuna muigwiritse ntchito. Ine ndikanalemba kuti pa 6.5 ikhoza kufewa msanga, koma kufewako kulibe phindu chifukwa singasungike masiku 14, n'kutchula kuti ikanakhala 6.0 nkhani ikanasiyana.

Tadala: Ndikafunsa aphunzitsi Lolemba ngati za 5.8 mpaka 6.2 amazilandira. Madalitso, mukapha mbuzi ina Loweruka mutijambulireko mnofu wa pamsana mutangoudula, kenako mujambulenso patatha mphindi 30, malo omwewo, pamthunzi.

Madalitso wa ku Mitundu: Ndijambula, koma ikhala yofunda, yongophedwa kumene. Ifiira ngati mmene mukuneneramo?

Aphiri a ku Likuni: Siifiira kwenikweni. Pa nthawi imeneyo pH ikadali pafupi ndi 7 ndipo mnofu ukudya okosijeni kwambiri, ndiye ioneka yoderako ngati ya ng'ombe yachiwiri ija ngakhale mbuziyo ilibe vuto. Musungeko kanthuli mufiliji wamba, osati youmitsa, mudzakadule Lamulungu m'mawa n'kujambulanso kawiri.